Vuto la kumaliseche: ndikakalowa kwa adokotala ndikanene kuti chiyani?

Nangozo: Abale, ndithandizeni. Ndikutuluka chikazi chachilendo ndipo m'chinena mukupweteka. Sabata yatha ndinapita kuchipatala, koma nditakhala pampando paja mawu anandithawa, ndinangoti "m'mimba mukundipweteka". Anandifunsa ngati ndikutsegula kapena kusanza, ndinati ayi. Anandipatsa mankhwala opha ululu ndi ena a m'mimba, basi ndinabwerako. Mpaka lero palibe chasintha. Mawa ndikufuna kubwereranso. Ndikayambe ndi mawu ati, ndipo ndikanene mpaka pati?

Bambo a Yankho: Musavutike ndi kuloweza mawu, mlongo. Amene aja ndi ophunzira, akangoyeza mkodzo ndi magazi aona okha chimene chavuta. Inu kasambeni bwinobwino, m'kati momwe, kuti asakakupezeni ndi fungo pokuonani.

Anamwino Opuma: Bambo a Yankho, mwanena mofuna kuthandiza, koma malangizo awiri onsewo angawasokeretse a Nangozo. Ndiyambe ndi za kusambazo. Kunja sambani monga mwa masiku onse, ndi madzi. M'kati musatsukemo, musaikemo sopo, mankhwala kapena china chilichonse, kuyambira lero mpaka atakuonani. Chikazi chomwe mukufuna kuchotsacho ndi chimene wokuonaniyo akufuna kuona, mtundu wake, kuchuluka kwake, ndi komwe chikuchokera, kaya ndi m'mbali mwa njira kapena pakhomo la chiberekero. Mukatsuka mwafufuta umboni. Za fungo musadandaule, ife tinalizolowera, ndipo nalonso limatiuza kanthu.

Tsono za kuyezazo. M'zipatala zambiri mulibe zida zoyezera tizilombo tonse ta matenda opatsirana pogonana, ndipo komwe zilipo, zotsatira zina zimatenga masiku. Choncho nthawi zambiri mankhwala amasankhidwa potengera zinthu ziwiri: zomwe inu mwanena ndi zomwe iwo aona ndi maso. Ngakhale kumene labu ilipo, adokotala amayeza zomwe nkhani yanu yawalozera. Mukati m'mimba, aganiza za matumbo. Sadzayamba okha kuyang'ana kumaliseche kwa munthu amene sanatchuleko.

Ndiye chiganizo chanu choyamba chitchule malo ndi vuto, chisanafike china chilichonse: "Ndabwera ndi vuto la kumaliseche. Ndikutuluka chikazi chachilendo ndipo m'chinena mukupweteka." Chimenechi chikatuluka, chovuta chatha, zotsalazo ndi kuyankha mafunso. Koma kuti tikonze zotsalazo, ndiyankheni muno ngati mungathe. Msambo wanu womaliza unayamba pa deti yanji? Munagonana liti? Chikazicho chinasintha liti, ndipo ululu unayamba liti? Mwamwapo chiyani?

Nangozo: Zikomo amayi. Poti muno sitidziwana nkhope, ndinena. Lero ndi pa 27. Msambo unayamba pa 2 mwezi womwe uno, unali wa nthawi zonse. Bambo akunyumba anali paulendo wa ntchito, anabwera pa 8, ndipo kuyambira pamenepo takhala tikugonana popanda kondomu. Ndimamwa mapiritsi akulera, koma mwezi uno ndinaiwala kangapo. Chikazi chinasintha cha m'ma 15, ululu unabwera pambuyo, mwina pa 20. Mnzanga anandigawira makapisozi otsala kwa iye, ndinamwa masiku awiri n'kusiya. Izinso ndikanene? Ndikuopa kukalipiridwa.

Anamwino Opuma: Makapisoziwo mukanene ndithu, ndipo ngati kapepala kake kapena chikutiro chake chilipo, mukachitenge. Mankhwala omwa mwatheka amatha kuchepetsa mafinya osapha tizilombo tonse. Wokuonaniyo akaona chikazi chochepa angaganize kuti vuto ndi laling'ono, ndipo zoyeza zina zimatha kutuluka ngati mulibe kanthu. Akadziwa zomwe mwamwa, amadziwanso chomwe chalephera kale. Mwina anenapo mawu awiri atatu, koma amenewo ndi opepuka poyerekeza ndi kupatsidwa mankhwala olakwika.

Taonani mmene madeti anu akulankhulira okha. Kugonana pa 8, chikazi kusintha patapita sabata, ululu wa m'chinena kubwera patapita masiku ena asanu. Ndondomeko imeneyi imamuganizitsa dokotala kuti mwina vuto linayambira pakhomo la chiberekero ndipo likukwera m'chiberekero ndi m'machubu. Sindikunena kuti ndi zimenezo, sindinakuoneni. Ndikunena kuti mukangoti "zayamba kalekale" kapena "posachedwapa", ganizo limenelo silingamufikire. Kale kwa wina ndi masiku atatu, kwa wina ndi miyezi isanu. Ngati deti mwaiwala, gwirani chinthu chomwe mukuchikumbukira: zinayamba msambo utangotha, kapena patatha sabata bambo atabwera. Mapiritsi oiwalawo mukatchulenso, chifukwa mayi wa msinkhu wobereka akamva ululu m'chinena, amayenera kuyezedwa kaye ngati ali ndi pakati, ngakhale atasamba mwezi womwewo.

Tsopano ndiuzeni za chikazicho. Ndi cha mtundu wanji, ndi cholimba kapena chamadzimadzi, chikununkha, chikuyabwa, muli magazi? Ndipo chikusiyana bwanji ndi cha masiku onse?

Mayi a Mapasa: Ine ndikuona ngati ndi kandida ameneyo. Ndili ndi pakati pa mapasa anandivutitsa kwambiri. Anandipatsa mankhwala oika kumusi ndipo zinatha. Mungokawauza kuti muli ndi kandida akupatseni omwewo, musatalikitse nkhani.

Nangozo: Changa n'chachikasu, si cholimba kwenikweni, chimanyowetsa kabudula wamkati moti ndikusintha kawiri patsiku. Fungo lilipo pang'ono. Sichikuyabwa ayi. Pa 21 ndinaona timagazi titangotha kugonana, pamene si nthawi yanga yosamba. Masiku onse changa chimakhala choyera ndi chochepa.

Anamwino Opuma: Mayi a Mapasa, zanuzo n'zomveka, kandida amakonda amayi apakati, odwala shuga, ndi omwe angomwa kumene mankhwala opha tizilombo. Koma iyeyo chizindikiro chake chachikulu ndi kuyabwa, chikazi chimakhala choyera cholimba, cha timibulu ngati mkaka wosasa, fungo silikhala lambiri, ndipo sabweretsa ululu wa m'chinena. A Nangozo sakuyabwa, chawo n'chachikasu, muli magazi. Ndiye chonde asakalowe ndi dzina la matenda. Munthu akalowa n'kunena kuti "ndili ndi kandida" kapena "ndili ndi mauka", pa tsiku lomwe mzere ndi wautali, akhoza kungolemberedwa mankhwala a chimene wanenacho. Inu kanenani zomwe mwaona ndi kumva, dzina akapereke iwo.

A Nangozo, yankho lanulo ndi labwino kwambiri, makamaka pomwe mwati mukusintha kawiri patsiku. Kunena kuti "chambiri" sikuthandiza kwenikweni, chifukwa chikazi cha munthu wabwinobwino chimasiyana pakati pa mayi ndi mayi, ndipo chimasintha ndi masiku a mwezi. Pakati pa mwezi chimachuluka, chimayera mbee ndi kunanda, ndipo amenewo si matenda. Chofunika ndi kusiyana kwake ndi chanu cha nthawi zonse. Fungo likakhala la nsomba, lokula mukatha kugonana kapena kusamba, ndi chikazi chotuwa chamadzimadzi, nthawi zambiri ndi kusokonekera kwa tizilombo tabwino ta m'njira momwemo. Chikakhala cha thovu, chobiriwira, choyabwa, timaganiza za kachilombo kena kotchedwa trikomonasi. Mankhwala a zimenezi ndi osiyana ndi a kandida.

Za magazi otuluka mukatha kugonana musaiwale, ngakhale anali madontho chabe. Khomo la chiberekero likatupa ndi matenda silichedwa kutuluka magazi likakhudzidwa, koma chizindikiro chomwechi chimapezekanso pa khansa ya khomo la chiberekero. Mukachitchula, ayang'ana khomolo ndi maso, ndipo akufunsani ngati munayezetsapo khansayo ndi liti.

Bambo a Yankho: Chabwino, za kutsuka ndavomera. Koma pa mtundu pokha ndikudziwa: chachikasu ndi chinzonono, palibe kukayika. Chamadzi si matenda.

Anamwino Opuma: Theka lake ndi loona. Kwa abambo, mafinya ambiri achikasu kapena obiriwira, otuluka patangopita masiku ochepa chigonanireni, kawirikawiri amakhaladi chinzonono. Koma klamidiya, matenda enanso opatsirana pogonana, amatulutsa timadzi toyera tochepa, nthawi zina kadontho ka m'mamawa kokha, ndipo anthu ambiri satuluka kalikonse pomwe matenda ali nawo. Awiriwa amakondanso kuyendera limodzi, n'chifukwa chake kuchipatala amapereka mankhwala a onse awiri nthawi imodzi. Kwa amayi mtundu wokha sungagamule mlandu konse. Umathandiza ukaphatikizidwa ndi madeti, fungo, kuyabwa ndi ululu.

Tibwerere kwa a Nangozo pa za ululu, chifukwa pamenepa ndi pomwe anthu ambiri amangoti "zikupweteka" n'kukhala chete. Lozani ndi chala pamene pakupweteka. Ndi pakati, mbali imodzi, kapena mbali zonse? Ndi ululu wotani: wobaya, wotentha, wopotokola ngati wa msambo, kapena wolemera wosatha? Unabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono? Umakula mukamatani? Ndipo thupi likutentha?

Nangozo: Ndi mbali zonse ziwiri, m'munsi mwa mchombo. Si wobaya, ndi wolemera, umangokhalapo tsiku lonse, ndipo ukukulirakulira. Ndikayenda mofulumira kapena galimoto ikagwedeza ndimaumva kwambiri. Pogonana zimapweteka, moti masiku atatu apitawa ndakana. Usiku wathawu thupi linatentha, ndinachita kufunda kwambiri. Pokodza sipakuotcha.

Anamwino Opuma: Pogonanapo pakupweteka pati, pakhomo polowera kapena m'kati mwenimweni?

Nangozo: M'kati, akafika patali. Pakhomo palibe vuto.

Anamwino Opuma: Kusiyanitsa kumeneko n'kofunika kwambiri. Ululu wa pakhomo, wotentha kapena wong'amba, umaloza ku khungu: zilonda, matuza, kandida, kapena kuuma. Ululu wa m'kati umaloza ku chiberekero, machubu ndi zozungulira. N'chimodzimodzi ndi pokodza. Pali kuotcha kwa m'kati mwa njira ya mkodzo, komwe kumabwera ndi kukodza pafupipafupi, ndipo pali kuwawa kwa kunja pamene mkodzo wakhudza khungu lomwe lili ndi zilonda. Onsewa anthu amangoti "pokodza pakuwawa", koma njira zake n'zosiyana.

Ndiye nayi nkhani yanu itaikidwa pamodzi. Ikopereni papepala kapena pafoni:

"Ndabwera ndi vuto la kumaliseche. Kuyambira cha pa 15 ndikutuluka chikazi chachikasu, chambiri moti ndikusintha kawiri patsiku, chonunkha pang'ono, chosayabwa. Pa 20 ndinayamba kumva ululu wolemera m'chinena mbali zonse, ukukulirakulira, umakula poyenda ndi pogonana m'kati. Pa 21 ndinatuluka timagazi titagonana. Usiku wa pa 26 thupi linatentha. Msambo womaliza unayamba pa 2. Ndimamwa mapiritsi akulera koma ndinadumphitsa kangapo. Ndimagonana ndi mwamuna wanga yekha, popanda kondomu, anabwera ku ulendo pa 8. Ndinamwa makapisozi awa masiku awiri. Sabata yatha ndinabwera, ndinapatsidwa mankhwala a m'mimba, sizinasinthe."

Imeneyi siyikwana ndi mphindi imodzi poinena. Mawu akakuthawaninso, perekani pepalalo awerenge okha, palibe cholakwika. Muonjezerepo ngati pali mankhwala omwe thupi lanu limadana nawo, ndi pomwe munayezetsa HIV komaliza.

Koma mverani ichi, mwana wanga. Poti thupi layamba kutentha ndipo ululu ukukula, ngati njira ilipo pitani lero lomwe, musadikire mawa. Matenda akakhalitsa m'machubu amasiya zipsera, ndipo zipserazo ndi zomwe zimadzabweretsa kusabereka kapena mimba yokhala m'chubu. Ndipo ngati ululu utasanduka wobaya mbali imodzi, mukuchita chizungulire, kukomoka, kusanza, kapena kumva kupweteka paphewa, imeneyo ndi ngozi ya nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Nangozo: Ndamva amayi. Ndalemba. Ndikupempha wina andisungire ana, ndinyamuka masana ano.

Wosatchula Dzina: Pepani kulowerera. Ine ndine mwamuna, zaka 24. Pokodza pakuotcha ndipo m'mamawa pamatuluka timadzi. Ingondiuzani dzina la mankhwala ndikagule, kuchipatala mafunso amachuluka. Ndikudziwa kale amene wandipatsira, ndi mtsikana yemwe ndinagona naye dzana.

Bambo a Yankho: Mphwanga, funso la gulu lino ndi la kafotokozedwe, osati kugawa mankhwala. Koma ndikufunseni, kuotchako kwayamba liti?

Wosatchula Dzina: Dzulo m'mawa. Dzana usiku ndi pomwe tinagonana, kondomu inaphulika. Ndili ndi chibwenzi changa cha nthawi zonse, naye sitigwiritsa ntchito kondomu. Panalinso wina masabata atatu apitawo koma ameneyo zinali za m'kamwa zokha, ndiye sakuwerengedwa.

Anamwino Opuma: Achimwene, dzina la mankhwala sindikupatsani, ndipo nkhani yanu yomweyi ikusonyeza chifukwa chake. Mwagamula kale kuti ndi wa dzana, koma kuchokera usiku kufika m'mawa ndi maola ochepa chabe. Chinzonono kwa abambo chimaonekera kawirikawiri pakati pa masiku 2 ndi 7, nthawi zina mpaka masabata awiri. Klamidiya amatenga sabata imodzi mpaka atatu. Timadzi tochepa ta m'mamawa tikugwirizana kwambiri ndi chinthu chomwe munatenga kale, kaya kwa wa masabata atatu uja kapena kwa chibwenzi chanu, amene akhoza kukhala nacho osadziwa. Za m'kamwa zimawerengedwa. Chinzonono chimakhala kukhosi kwa munthu popanda chizindikiro chilichonse, ndipo chimapatsirana njira imeneyo. Zikhozanso kutheka kuti inu ndi amene mwamupatsira wa dzanayo, ndiye nayenso afunika kudziwa.

N'chifukwa chake adokotala amafunsa mafunso omwe mukuti ndi ochulukawo. Safuna mayina. Amafuna kudziwa kuti mwagonana ndi anthu angati m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayi, liti, amuna kapena akazi, kondomu inalipo kapena ayi, ndipo ndi ziwalo ziti zinakhudzana: kumaliseche, m'kamwa, kapena kumbuyo. Funso lomalizali anthu amalida, koma limawauza komwe angayang'ane ndi komwe angatenge zoyeza. Matenda a kukhosi kapena kumbuyo sapezeka mumkodzo.

Chachangu kwambiri pa inu si kuotchako, ndi kondomu yophulikayo. Pali mankhwala oteteza ku HIV munthu akakhala pachiopsezo, a PEP, omwe amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa masiku 28. Kufulumira ndi komwe kumawapatsa mphamvu. Kuchokera dzana usiku, nthawi yanu ikutha. Pitani lero, ndipo chiganizo choyamba chikhale chakuti, "Kondomu inaphulika dzana usiku cha m'ma 10 koloko, ndi munthu amene sindikudziwa mmene magazi ake alili." Nenani ola lenileni mmene mukulikumbukira. Akuyezani magazi kaye, n'kuona ngati mukuyenera mankhwalawo. Mtsikanayonso ngati sali pa njira yakulera, mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira ntchito mpaka masiku 5, koma amagwira bwino akamwedwa msanga.

Popita, yesetsani kusakodza kwa ola limodzi kapena awiri musanalowe. Mkodzo umatsuka njira, ndiye timadzi tija sitioneka, ndipo ngati akayeze mkodzo amafuna woyambirira kutuluka. Funso lina: mavalo akupweteka kapena kutupa? Pali chilonda kapena chotupa m'mphechepeche?

Wosatchula Dzina: Mavalo ali bwino. Koma miyezi iwiri yapitayo panali kachilonda pachida, kosapweteka, kanapola kokha. Ndinaona ngati ndinadzikanda. Zimenezo zinatha, sindikuona chifukwa chozitchulira.

Anamwino Opuma: Mukazitchule, ndipo musaziike kumapeto. Chilonda chimodzi, cholimba m'mbali, chosapweteka, chopola chokha pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndi mmene chindoko chimayambira. Chilondacho chimapola koma matenda amatsala m'magazi, kenako amatha kubwera ndi zidzolo, ngakhale m'manja ndi kumapazi. Chindoko amachiyeza m'magazi, ndipo jakisoni wake ndi wosiyana ndi mankhwala a kuotcha pokodza. Mukanagula mankhwala nokha, chimenechi chikanatsala. Pofotokoza chilonda nenani ngati chinali chimodzi kapena zingapo, chopweteka kapena ayi, ngati chinayamba ndi timatuza ta madzi, ndiponso ngati chinabwerapo kale pamalo omwewo. Timatuza topweteka tomwe timapita n'kubweranso, tikumayamba ndi kunyerenyetsa, ndi khalidwe la matenda otchedwa hepisi. Amene ali ndi chilonda chomwe chikusintha msanga akhoza kuchijambula pafoni yake kuti akawaonetse adokotala, n'kufufuta pambuyo pake.

Ndafunsa za mavalo pa chifukwa, ndipo anyamata onse muno amve. Ululu wobwera pang'onopang'ono kwa masiku angapo, ndi kutupa mbali imodzi, nthawi zambiri ndi matenda omwe akwera kuchokera m'njira ya mkodzo. Koma ululu woopsa wobwera mwadzidzidzi mbali imodzi, ndi mseru kapena kusanza, ukhoza kukhala kupotoka kwa mtsempha, ndipo pamenepo pamafunika opaleshoni m'kati mwa maola pafupifupi 6. Mawu akuti "mwadzidzidzi" ndi ola lomwe zayamba ndi amene amathamangitsa anthu kuchipatala.

Nasibeko: Zonsezi n'zabwino pozilemba, amayi, koma tiyeni tinene zoona. Ine ndinapitapo ndi vuto ngati limeneli, chitseko chinali chotsegula, anthu pamzere akumva, wondifunsayo akufuula. Ndinganene bwanji kuti ndagonana ndi anthu awiri pamalo otere? Ndipo ena amakuyang'ana ndi diso loweruza. Ine ndimati nenani zizindikiro zokha, za amene mwagona naye ndi zanu. Mankhwala ake si omwewo?

Mayi a Mapasa: Apa ndili mbali ya a Nasibeko. Makamaka ukapita ndi bambo akunyumba, iwo ali pompo, ungayankhe chiyani?

Anamwino Opuma: A Nasibeko, zomwe munakumana nazozo zimachitikadi, ndipo n'zolakwika. Sindingateteze. Muli ndi ufulu wonena kuti, "Nkhani yanga ndi yachinsinsi, ndingatseke chitseko?" Muthanso kupempha kuti pokuonani kumaliseche pakhale namwino wamkazi, kapena kufunsa ngati alipo dokotala wamkazi, ngakhale kuti si nthawi zonse amapezeka. Mukapita ndi amuna anu, pemphani kulowa nokha poyamba, iwo aitanidwe pambuyo. Wachipatala wodziwa ntchito yake amayenera kuchita zimenezi yekha osadikira kupemphedwa.

Koma zoti mankhwala ndi omwewo, ayi, si nthawi zonse. Mayi wobwera ndi chikazi chokha, popanda chiopsezo chilichonse, akhoza kupatsidwa mankhwala a matenda a m'njira okha. Akadziwika kuti ali ndi bwenzi latsopano, kapena mwamuna wake akutuluka mafinya, amaonjezeredwa a chinzonono ndi klamidiya. Yankho limodzi limasintha zomwe zilembedwe. Ndipo ngati wogonana naye sanalandire mankhwala, mudzachira n'kutenganso kwa yemweyo. Pachifukwa chomwecho amati musagonane mpaka masiku 7 atadutsa nonse mutalandira chithandizo ndipo mankhwala atatha. Ngati simungathe kutchula nambala, nenani chochepa ichi: "Pali wina kupatula wa nthawi zonse, mwezi watha, popanda kondomu." Chimenecho chikukwanira kuwongola mankhwala. Ndipo ngati kugonanako kunali kokakamizidwa, nenani mawu amenewo, chifukwa chithandizo chake chimakhala chokulirapo.

Nasibeko: Chiganizo chachifupicho ndingathe. Koma zouza mwamuna kuti nayenso akalandire mankhwala, pamenepo mpovuta. Ena akangomva amayamba ndi manja, osafunsa kuti anabweretsa ndani. Si banja lililonse lomwe nkhani yotere ingakambidwe.

Bambo a Yankho: Komatu akapanda kuuzidwa matenda sangathe m'nyumbamo. Ine ndikuona kuti mwamuna ayenera kumva basi, zivute zitani.

Nasibeko: Mukunena choncho chifukwa omenyedwayo simudzakhala inu, bambo.

Anamwino Opuma: Nonse muli ndi mfundo, ndipo ine ndilibe yankho limodzi lokwanira mabanja onse. Chomwe ndinganene n'chakuti mantha amenewo nawonso ndi gawo la zokauza adokotala. Nenani kuti, "Ndikuopa kuti ndikamuuza andipweteka." Zipatala zambiri zimapereka kapepala koitanira wogonana naye popanda kulemba dzina la matenda, ndipo ena amatha kuitana banja lonse n'kufotokoza okha, kuphatikizapo zoti ena mwa matendawa amakhala m'thupi miyezi yambiri osaonekera, kotero madeti okha sangaloze wolakwa. Koma pomwe pali chiopsezo cha nkhanza, chitetezo cha mayi chimayamba, ndipo palibe amene ayenera kumukakamiza kunyamula kapepalako.

Wosatchula Dzina: Ine ndanyamuka. Funso lomaliza: akandiyeza HIV lero n'kupeza ndilibe, ndiye kuti za dzana zija ndapulumuka?

Anamwino Opuma: Ayi. Zotsatira za lero zikunena za mmene munalili kale, osati za dzana. Zoyezera zapompopompo zimatha kutenga mpaka miyezi itatu kuti zione kachilombo katsopano, ndiye akupatsani tsiku lobwereranso. Likalembeni pamodzi ndi deti ya dzanayo, chifukwa amene adzakuyezeni ulendo winawo adzawerengera kuchokera pamenepo.